Maringi a m'bimu: chifukwa chiyani amathithikana pafupi ndi pilala?

Munthu akafika pamalo omangapo nyumba yosanja kutatsala tsiku limodzi kuti athire konkire, amapeza mabimu ali mafupa okhaokha. Zitsulo zazitali zagona m'litali mwa shatala, ndipo tizitsulo ting'onoting'ono topindidwa ngodya zinayi tazikulunga ngati nthiti, titamangidwa ndi waya. Amisiri amatitchula kuti maringi. Pa bimu yomangidwa motsatira pulani, maringi sakhala motalikirana mofanana. Pakati pa bimu amapatsana danga, koma akamayandikira pilala amathithikana ngati anthu m'minibasi ya m'mawa.

Eni nyumba ambiri amaona ngati zimenezi n'zosemphana ndi nzeru. Iwo amati bimu ikalemedwa imapindika pakati, ndiye chitsulo chambiri chizikhala pakatipo. Mmisiri wina wofuna kufulumira amadula kathabwa kamodzi koyezera, n'kuika maringi onse mofanana kuchokera uku mpaka uko. Ntchito imaoneka yaudongo. Koma bimu ili ndi njira ziwiri zothyokera, ndipo maringi anaikidwira njira yachiwiri, imene anthu ambiri saidziwa.

Njira yoyamba ndi yodziwika: kupindika. Katundu akaitsamira, pansi pa bimu pamakokeka, ndipo konkire, amene ndi ngwazi popanikizidwa koma wofooka pokokedwa, amang'aluka. Ntchito yogwira pamenepo ndi ya zitsulo zazitali za pansi zija. Bimu yothyoka motere imachenjeza. Imayamba kugwa mimba, ming'alu yoimirira imatuluka pakati, pulasitala amayoyoka, ndipo anthu amapeza nthawi yotuluka.

Njira yachiwiri mainjiniya amaitcha shiya. Ndi mphamvu yodula, yofanana ndi imene sizasi imachita pansalu: pilala akukankhira m'mwamba, katundu akukankhira pansi, ndipo konkire wa pakati pa ziwirizi akumetedwa. Pa bimu imene yasenza katundu wofanana m'litali mwake monse, mphamvu imeneyi pakati penipeni kulibe. Imakula pang'onopang'ono kulowera kumapeto, chifukwa katundu wa mita iliyonse ayenera kudutsa kumapetoko kuti akatsikire m'pilala, monga momwe timifuleni timathirana mpaka mtsinje kudzaza kumunsi. Mng'alu wa shiya suimirira. Umayambira m'munsi pafupi ndi pilala n'kukwera chopendekera kulowera pakati pa bimu, pafupifupi madigiri 45. Bimu yopanda maringi okwanira ikang'aluka motere imatha kuduka nthawi imodzi, ndi phokoso, isanagwe mimba n'komwe.

Ringi ili ngati ulusi wosokera mng'alu umenewo. Miyendo yake iwiri imadutsa mng'aluwo n'kugwira chidutswa cha pansi kuti chisalekane ndi cha pamwamba. Wilhelm Ritter mu 1899 ndi Emil Mörsch zaka zochepa pambuyo pake anafotokoza kuti bimu yong'aluka imagwira ntchito ngati thirasi ya denga: konkire wotsala pakati pa ming'alu ndiye mitengo yopendekera, maringi ndiwo zomangira zoimirira. Funso lonse la kutalikirana kwa maringi limabwerera pa chinthu chimodzi, chakuti mng'alu umodzi ukatseguka udutsa maringi angati.

Kuti zimveke, nayi bimu ya m'sitolo ya nyumba yosanja. M'lifupi ndi mamilimita 230, kufanana ndi khoma la njerwa, ndipo msinkhu wake ndi mamilimita 450. Kuchokera pamwamba kufika pakati pa zitsulo za pansi ndi mamilimita 400, ndipo muyeso umenewu ndi umene injiniya amawerengera, osati 450. Danga la pakati pa mapilala ndi mamita 4. Pansi pali zitsulo zinayi za Y20, zonse zolowa mpaka m'pilala. Silabu, khoma la pamwamba, anthu ndi katundu, kuphatikizapo gawo limene malamulo amawonjezera kuti pakhale chitetezo, zikulemera pafupifupi matani 7 pa mita iliyonse. Onse pamodzi ndi matani 28, choncho pilala aliyense akulandira matani 14.

Injiniya wotsatira buku la malamulo la ku Britain la BS 8110, limene mainjiniya ambiri a ku Malawi akhala akuligwiritsa ntchito, sayeza shiya pankhope penipeni pa pilala. Amasuntha mamilimita 400 kulowa m'bimu. Chifukwa chake n'chakuti katundu amene wakhala pafupi kwambiri ndi pilala amatsetserekera yekha m'pilalamo kudzera m'konkire, osavutitsa maringi. Pamalo amenewa matani 14 aja atsika kufika pa 11 ndi kachidutswa.

Konkire payekha amasenzako gawo. Pa bimu iyi, konkire wosakanizidwa bwino wa giredi 25 angadaliridwe pa matani pafupifupi 6 ndi theka. Otsalawo, matani pafupifupi 4.8, ndi a maringi.

Tsopano ringi imodzi ya R8, chitsulo chosalala cha mamilimita 8, miyendo yake iwiri pamodzi imagwira matani pafupifupi 2.2. Ndiye kuti pamng'alu uliwonse payenera kudutsa maringi oposa awiri pang'ono. Mng'alu wopendekera madigiri 45 umayenda mamilimita 400 m'litali pamene ukukwera 400. Tikagawa mamilimita 400 ndi maringi ofunikawo, timapeza mamilimita pafupifupi 180. Injiniya sakwezera nambala imeneyi m'mwamba, amaitsitsa, ndipo papulani amalemba R8-175, kapena R8-150 ngati akufuna nambala yosavuta pa tepi. Patali pang'ono, kupitirira masentimita 60 kuchokera pa pilala, shiya yachepa moti maringi angatalikirane mamilimita 225. Mainjiniya ambiri amangopitiriza othithikanawo mpaka mita yathunthu, podziwa kuti pamalo omangira zinthu siziyenda ngati papepala.

Apa m'pamene kathabwa koyezera kaja kamavulaza. Mmisiri akaika maringi onse pa mamilimita 300, mng'alu udutsa ringi imodzi ndi kagawo, zomwe zigwira matani osakwana 3 pamene pakufunika 4.8. Chimodzimodzi akapeza kuti R8 yatha kuhadiweya n'kugula R6, koma n'kusunga mamilimita 175 a papulani. Ndi maso, 6 ndi 8 sizisiyana kwenikweni. Koma nyama ya chitsulo cha 6 imangopitirira pang'ono theka la ya 8, ndipo maringiwo agwiranso matani osakwana 3. Kuti R6 igwire ntchito yomweyo iyenera kuthithikana pa mamilimita 100. Chopweteka n'chakuti chimene mwini nyumba wapulumutsa potalikitsa maringi kumapeto onse awiri ndi maringi asanu kapena asanu ndi limodzi basi, chitsulo chosakwana mamita 8.

Bimu yotero sigwa tsiku lochotsa shatala, ndiye chifukwa chake chizolowezichi sichitha. Gawo la chitetezo lija limabisa cholakwacho kwa zaka. Chimaululika tsiku limene chipinda cha pamwamba chasanduka mosungira matumba a chimanga kapena feteleza.

Malamulo amaikanso malire amene masamu sangawadumphe. BS 8110 salola maringi kutalikirana kuposa magawo atatu mwa anayi a muyeso uja, ndiye kuti mamilimita 300 pa bimu yathuyi, ngakhale shiya itachepa bwanji. Malamulo a ku America a ACI 318 ndi okhwima kuposa apa, amalekeza pa theka, mamilimita 200. Cholinga n'chimodzi: mng'alu usapeze mpata wodutsa pakati pa maringi awiri osakhudza ngakhale imodzi. Komanso kuthithikanitsa kuli ndi polekezera. Shiya ikakula mopitirira, konkire wa pakati pa ming'alu amaphwanyika ngakhale maringi achuluke chotani, ndipo mankhwala ake ndi kukulitsa bimu. Maringi opanikizana kwambiri amatsekerezanso miyala ya kwale, konkire osalowa bwino, n'kusiya mabowo ngati chisa cha njuchi pamalo enieni ofunika mphamvu.

Kuti pakati pa bimu pamafunikabe maringi, anthu anaphunzira mowawa. Mu Ogasiti 1955, gawo la denga la nyumba yosungiramo katundu ya asilikali a ndege ku Wilkins, m'tauni ya Shelby ku Ohio, linagwa mwadzidzidzi. Mabimu ake, otalika msinkhu pafupifupi masentimita 90, anaduka pamalo pomwe panalibe maringi, chifukwa malamulo a nthawiyo ankati konkire payekha akwanitsa. Ofufuza anapeza kuti kufota kwa konkire ndi kusintha kwa kutentha zinkakoka mabimuwo m'litali, zomwe zinafooketsa mphamvu yake yolimbana ndi shiya. Ngoziyi inachititsa kuti malamulo a ku America akonzedwe, ndipo anayamba kufuna maringi m'malo ambiri amene kale ankasiyidwa opanda kanthu.

Tsono lamulo la "thithikanitsani kumapeto" si la bimu iliyonse. Ngati pilala wa pamwamba kapena bimu ina yatera pa bimu iyi, tinene mita imodzi ndi theka kuchokera kumapeto, shiya imakhala yaikulu mtunda wonse kuchokera pamene yaterapo mpaka pa pilala wa pansi, ndipo maringi ayenera kuthithikana njira yonseyo. Bimu yodutsa pamwamba pa mapilala atatu imafuna maringi ambiri mbali zonse za pilala wa pakati. Bimu ya khonde, yotuluka kunja yopanda choigwira kunsonga, imawafuna kumene yamera.

Pali tizinthu tiwiri timene tepi yokha singaone. Koyamba ndi ringi yoyamba, imene amisiri abwino amaiika pafupifupi mamilimita 50 kuchokera pankhope ya pilala. Ikakankhidwa kutali chifukwa pamphambano zitsulo zadzaza, kapena maringi omangidwa mwaulesi akasendezeka ndi nsapato ndi poka pothira konkire, pamatsala danga lopanda ulusi. Kachiwiri ndi mbedza. Nsonga za ringi zikangopindidwa madigiri 90, zimadalira khungu la konkire la kunja, ndipo khungulo likasweka ringi imayasama. Zikapindidwa madigiri 135 zimalowa m'kati mwa bimu n'kuluma pamenepo. M'madera a zivomezi malamulo ngati ACI 318 amafuna mbedza zotere, komanso maringi othithikana pamtunda wowirikiza kawiri msinkhu wa bimu kuchokera pa pilala, chifukwa nthaka ikamagwedezeka mapeto a bimu amapindidwa uku ndi uku. Malawi ali m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Afirika, ndipo anthu a ku Salima amakumbukira 1989, a ku Karonga Disembala 2009.

Nyumba ikatha, mdani wina amabwera ndi chizulo. Pulambala kapena wamagetsi wofuna podutsa paipi amakonda kuboola bimu pakona, pafupi ndi pilala, pomwe paipi sioneka. Akatero amadula ringi kapena kuchotsa konkire yemwe amatsitsira katundu m'pilala.

Konkire akauma, maringi saonekanso, ndipo chotsala chowerenga ndi ming'alu. Timing'alu toonda ngati tsitsi, toimirira, pansi pa bimu chapakati, kawirikawiri ndi ta kupindika ndipo bimu yabwinobwino imatha kukhala nato. Mng'alu wopendekera pafupi ndi pilala, wooneka mbali zonse ziwiri za bimu pamalo ofanana, ndi nkhani ina. Umenewo sapaka pulasitala. Amayamba atsitsa katundu wa pamwamba, kuchotsa anthu pansi pake, kuchirikiza bimuyo ndi mapolo olimba otsamira pamatabwa kuti asamire pansi, kenaka n'kuitana injiniya. Iye amayeza kukula kwa mng'aluwo, kulemba chizindikiro ndi tsiku pamene wathera kuti aone ngati ukuyenda, ndipo amafufuza ndi makina ozindikira chitsulo kuti adziwe pamene maringi ali ndi kutalikirana kwake asananene ngati bimuyo ingalimbitsidwe kapena iyenera kugwetsedwa.