Zizindikiro za manja zimene woweruza watsopano wa kiriketi ayenera kudziwa

Woweruza amalankhula ndi olemba zigoli pogwiritsa ntchito manja, ndipo masewera asapitirire iwo asanayankhe kuti aona.

Mpira ukafika pamalire utagunda pansi, ndi zigoli 4: gwedezani mkono uku ndi uku, uthere pachifuwa. Ukadutsa malire uli m'mwamba kuchokera pathabwa lomenyera, ndi 6: kwezani mikono yonse pamwamba pa mutu.

Wayidi ndi mpira wodutsa patali moti womenya sangaufikire. Tambasulani mikono yonse m'mbali, molingana ndi mapewa.

Bayi ndi zigoli zopezeka mpira utadutsa osakhudza thabwa kapena thupi la womenya. Kwezani dzanja limodzi pamwamba pa mutu, chikhatho chili chotambasula. Potulutsa womenya, imikani chala cholozera chokha, koma pokhapokha otchinga atapempha. Samalani apa: mukapinda zala posonyeza bayi, olemba angaganize kuti munthu watuluka.

Tiyerekeze mpira wadutsa womenya ndi wogwira kumbuyo mpaka pamalire. Yambani ndi bayi, olemba ayankhe, kenako sonyezani 4. Mukaiwala bayi, zigolizo zidzalembedwa molakwika pa dzina la womenya.