Laputopu ya mamembala ikabedwa: maola 72 oyambirira

Tiyerekeze kuti kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama ka pa boma kali ndi mamembala 400. Lolemba m'mawa mlembi akupeza zenera la ofesi litathyoledwa, laputopu palibe. M'menemo munali mayina a mamembala onse, manambala a foni, zithunzi za ziphaso za unzika, ndi ndalama zimene aliyense wasunga kapena kukongola. Atsogoleri ambiri amayamba kulira mtengo wa makinawo, chonsecho chimene chapita chenicheni ndi zinsinsi za anthu 400, ndipo eni akewo sakudziwa kanthu.

Lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu limene Malawi adakhazikitsa mu 2024 lidapereka udindo woyang'anira nkhanizi ku bungwe la MACRA. Likuti amene amasunga zinsinsi za anthu adziwitse MACRA pasanathe maola 72 chidziwireni kuti zatayika kapena zagwa m'manja olakwika. Ngati mlembi wazindikira Lolemba 8 koloko m'mawa, nthawi ikutha Lachinayi 8 koloko. Kudikira msonkhano wa komiti wa kumapeto kwa mwezi n'kuphwanya lamulo. Choncho choyamba n'kulemba m'kope tsiku ndi ola limene mwazindikira.

Kenako tsekani makomo amene wakubayo angalowere. Sinthani mawu achinsinsi a imelo ndi a kubanki pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina. Ngati WhatsApp ya ofesi inali yolumikizidwa ku laputopuyo, pitani pa Linked devices pa foni n'kuichotsa. Kanenani kupolisi ndipo musunge lipoti lawo. Musafufute kalikonse chifukwa cha mantha, poti ndi umboni.

Funso lalikulu ndi lakuti: kodi wakubayo angawerenge zimene zili m'katimo? Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Mawu achinsinsi otsegulira Windows okha sateteza, pakuti munthu wokonza makompyuta angathe kuchotsa diski, n'kuilumikiza ku makina ena, n'kuwerenga zonse. Koma ngati diskiyo inali yokhomedwa ndi pulogalamu ngati BitLocker, imene imasokoneza zolembedwa kuti zisawerengeke popanda kiyi wake, chiopsezo chimachepa kwambiri. Funsani amene adakuikirani makinawo. Akakayika poyankha, tengani kuti zonse zili pambalambanda.

Kalata yopita ku MACRA ifotokoze chimene chachitika, mtundu wa zinthu zimene zatayika, chiwerengero cha anthu okhudzidwa ngakhale chongoyerekeza, mavuto amene angawagwere, zimene mwachita kale, ndi munthu amene angayankhe mafunso. Musadikire kuti mudziwe zonse. Tumizani zimene mukudziwa, zina mudzawonjezera.

Ngongole yaikulu muli nayo kwa mamembala. Lamulo likufuna kuti eni ake auzidwe pamene chiopsezo kwa iwo chili chachikulu, ndipo pa nkhani yathuyi n'chachikulu ndithu. Munthu amene ali ndi dzina lanu, nambala ya chiphaso ndi kuchuluka kwa ngongole yanu angakuimbireni foni ngati mlembi wa bungwe, n'kukutchulirani ndalama zenizeni zimene mudakongola, kenako n'kukuuzani kuti mwezi uno mubweze pa nambala ina ya Airtel Money kapena Mpamba. Ndani sangakhulupirire? Angayesenso kutengetsa simukhadi yatsopano m'dzina lanu. Chizindikiro chake n'chakuti foni imangotaya netiweki mwadzidzidzi pamene za anzanu zikugwira bwinobwino.

N'chifukwa chake uthenga wakuti "panachitika kavuto pang'ono, koma musadandaule" sindiuona ngati chidziwitso. Umateteza nkhope ya tcheyamani, osati thumba la membala. Uthenga wothandiza umanena mosabisa kuti pa tsiku lakuti laputopu idabedwa, ndipo munali dzina lanu, nambala ya foni, chithunzi cha chiphaso ndi ndalama zanu. Umauza munthu kuti bungwe silidzamufunsa nambala yachinsinsi pa foni, kuti malo obwezera ngongole sadasinthe, ndiponso kuti netiweki ikasowa mosadziwika bwino athamangire ku ofesi ya kampani ya foni tsiku lomwelo. Pomaliza umapereka nambala imodzi yofunsirapo.

Tumizani uthengawu kwa munthu aliyense payekha. Kuika mndandanda wa okhudzidwa pa gulu la WhatsApp n'kuwaululanso kachiwiri. Agogo amene sawerenga mauthenga a pa foni aimbireni kapena muwayendere, ndipo musaiwale amene adatuluka m'bungwe koma mayina awo anali adakali m'makinamo, komanso anthu amene adasainira anzawo ngongole.

Zonsezi zilembedwe m'kope lija: mudauza ndani, liti, m'njira yanji. MACRA ikafunsa, kapena membala akaberedwa patapita miyezi itatu, kopelo ndi limene lidzakuyankhireni.