Simunagwirepo ntchito? Lembani zimene manja anu anachita

Chaka chomaliza chikafika pakati, ophunzira a ku MUBAS, UNIMA, LUANAR, Mzuni ndi MUST amayamba kusaka malo ophunzirira ntchito, amene ena amati atachimenti, ena intanishipu. Kale munthu ankanyamula envulopu n'kukaisiya kwa mlonda pa geti. Masiku ano pempho lambiri likuyenda pa imelo, ndipo apa ndi pamene dzanja la wophunzira limauma. Moni walemba, dzina la sukulu walemba, koma funso limodzi lamutsekereza: ndinena chiyani poti sindinagwirepo ntchito kulikonse?

Ambiri amathawira ku kupepesa. Amayamba ndi mawu akuti ngakhale alibe luso lililonse, akupempha kuti kampani iwaganizire. Chiganizo chimenechi chichotseni. Bwana amene akulandira pempho la intanishipu akudziwa kale kuti olembawo ndi ana a sukulu. Akanafuna munthu wa zaka zisanu pa ntchito akanalengeza ntchito yeniyeni. Chimene akufufuza m'kalata yanu ndi china: akakupatsani tebulo ndi mpando kwa miyezi itatu, mumupeputsa kapena mumuwonjezera katundu? Yankho lake silili m'mawu odzitamandira monga "ndine wolimbikira" kapena "ndimaphunzira msanga", pakuti aliyense amalemba zomwezo. Lili m'zinthu zimene munachitapo ndi manja anu, zoti munthu angathe kuziwerenga ndi kuzitsimikiza.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachinayi amene akuphunzira za kawerengedwe ka chuma, ndipo akufuna malo pa kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Kanengo. Sanalembedwepo ntchito. Asanatsegule imelo, atenge pepala alembe zonse zimene wagwira m'zaka zinayi zapitazi, zolipidwa ndi zosalipidwa zomwe. Pamenepo akumbukira kuti kwa zaka ziwiri anali msungichuma wa gulu la mapemphero la ophunzira, la anthu 60, ndipo ndiye ankalemba zopereka ndi kupereka lipoti kumapeto kwa semesita iliyonse. Akumbukiranso kuti pa holide ankakhala m'golosale ya mayi ake, kumene anachotsa mabuku a katundu ndi a ngongole m'kope n'kuwaika mu Excel, mitundu ya katundu yokwana 120. Chachitatu ndi kafukufuku wake wa chaka chomaliza, wokhudza mmene mashopu ang'onoang'ono amasungira mabuku a katundu.

Zitatuzi si zofanana kulemera. Kampani ya zipangizo za ulimi imatanganidwa kwambiri mvula ikamayandikira, pamene matumba akutuluka m'nyumba yosungira katundu kupita ku madepoti ndipo malisiti akuunjikana. Vuto lake la tsiku ndi tsiku ndi kuonetsetsa kuti katundu wolembedwa m'buku akufanana ndi amene ali m'nyumbamo. Ndiye pa zitatu zija, golosale ya mayi ndi imene ikhale patsogolo, kafukufuku atsatire, ndipo usungichuma ubwere pomaliza ngati umboni woti anthu anamukhulupirira ndi ndalama. Akanakhala kuti akulembera kampani yofufuza mabuku a chuma, akanatsogoza usungichuma ndi malipoti aja. N'chifukwa chake kalata imodzi singatumizidwe ku makampani makumi awiri osasintha kanthu.

Ndimamva chisoni ndikaona ophunzira akubisa zinthu ngati zimenezi chifukwa cha manyazi, poganiza kuti golosale kapena banki m'khonde si zinthu zotchula kwa abwana a mu ofesi. Komatu mwana amene anayang'anira buku la ngongole la mayi ake amadziwa zimene zimachitika kasitomala akatenga sopo osalembedwa, ndipo chimenecho sichiphunzitsidwa pa bolodi.

Imelo yeniyeniyo ilembedwa m'Chingerezi, chifukwa ndicho chiyankhulo cha makalata a ntchito m'makampani a kuno, koma mfundo zake n'zotheka kuziyala m'Chichewa. Ikhale ya mawu pakati pa 150 ndi 200, yoti munthu aiwerenge pa foni osatopa. Ya mtsikana uja ingayende motere:

"Ndine wophunzira wa chaka chachinayi wa digiri ya kawerengedwe ka chuma, ndipo ndikupempha malo ophunzirira ntchito m'nthambi yanu ya zachuma kapena yosungira katundu, kwa miyezi itatu kuyambira Okutobala. Ndasankha nyengoyi podziwa kuti ndi pamene katundu wanu amayenda kwambiri. Pa holide ziwiri ndinayang'anira mabuku a golosale ya banja lathu. Ndinasamutsira mu Excel mitundu 120 ya katundu, ndipo Loweruka lililonse ndinkawerenga katundu wa m'shelefu n'kumufananitsa ndi wa m'buku. Kafukufuku wanga wa chaka chino akukhudza kasungidwe ka mabuku a katundu m'mashopu ang'onoang'ono. Ndakhalanso msungichuma wa gulu la ophunzira 60 kwa zaka ziwiri. Ndingathandize kulowetsa malisiti m'kompyuta, kuwerenga katundu ndi kulongosola mafayilo, ndipo ndikufuna kuphunzira mmene mumatsekera mabuku a mwezi. Ndaphatikiza mbiri yanga ya maphunziro ndi kalata ya ku dipatimenti. Ndingakondwe kudzaonana nanu tsiku lililonse limene mungandipatse."

Onani kuti sananame, ndipo sanapepese. Sanatchule golosale ya mayi ake ngati kampani yaikulu, sanadzipatse udindo wa umanejala. Izi n'zofunika, chifukwa chilichonse cholembedwa m'kalata chimasanduka funso pa tsiku la mayeso a pakamwa. Mukalemba kuti mumadziwa Excel, yembekezani kuti wina akutembenuzirani laputopu n'kunena kuti muphatikize malonda a depoti imodzi ndi `SUMIF`, kapena mupeze mtengo wa katundu ndi `VLOOKUP`. Ngati Sage kapena QuickBooks munangoiona m'kalasi kwa sabata ziwiri, nenani choncho. Woyesa amakhululukira wosadziwa, koma wonama amamuchotsa pa mndandanda nthawi yomweyo.

Onaninso kuti wapempha chinthu chimodzi chodziwika: nthambi yakuti, miyezi yakuti, kuyambira nthawi yakuti. Pempho loti "ntchito ina iliyonse imene ilipo" limaoneka lodzichepetsa, koma limasiyira wowerenga ntchito yoganiza kumene angakuikeni, ndipo munthu wotanganidwa saiyamba ntchito imeneyo. Amene wanena nthambi amathandiza wa ofesi yolemba anthu ntchito kudziwa bwana woyenera kumupatsira kalatayo. Masiku amene mwatchula muwatsimikize kaye pa kalendala ya sukulu, kuti musalonjeze mwezi umene muli ndi mayeso.

Kalata yabwino imathanso kufa isanatsegulidwe. Bokosi la `Subject` lisakhale lopanda kanthu, ndipo lisangoti "moni" kapena "pempho". Muikemo zinthu zitatu: kuti ndi pempho la intanishipu, nthambi imene mukufuna, ndi miyezi yake. Ngati kampani inalengeza malowo n'kupereka nambala kapena mawu oti alembedwe pamenepo, koperani ndendende, chifukwa makalata amasankhidwa potsata mawu amenewo. Adiresi yotumizira ikhale ya dzina lanu lenileni, osati dzina la masewera limene anzanu a ku hositelo amakuitanirani. Adiresi ya sukulu imaoneka bwino, koma funsani ngati idzagwirabe ntchito mukamaliza maphunziro, poti yankho litha kubwera mochedwa.

Funso la woti mumulembere ndi loyenera kulithera mphindi zingapo za eyataimu. Imbani pa kampanipo, mufunse mwaulemu amene amaona za ophunzira ndi adiresi yake. Safunsa anadya phula: kalata yotumizidwa ku adiresi ya aliyense imakasakanikirana ndi makalata a ogula ndi ogulitsa. Mukapeza dzina, lilembeni molondola pamodzi ndi ulemu wake. Mukalephera, lembani udindo wa munthuyo, monga mkulu woona za antchito. Ndipo musaike makampani khumi pamodzi mu `To` kapena `Cc`. Aliyense amaona anzake onse, n'kudziwa kuti simunamusankhe.

Zophatikiza zikhale zochepa. Mbiri yanu, imene timaitcha sivi, ikwane tsamba limodzi kapena awiri, ndipo kwa wophunzira maphunziro ndi kafukufuku zimakhala pamwamba, kenako maudindo ndi ntchito zodzipereka. Isungeni ngati PDF kuti mizere isasokonekere pa kompyuta ya wina, ndipo fayiloyo muitche dzina lanu, osati `Document1`. Gmail imalola zophatikiza mpaka 25 MB, koma musayandikire malire amenewo, chifukwa makompyuta a makampani ena amakana makalata olemera. Zithunzi za satifiketi ya MSCE zojambulidwa ndi foni pabedi zisiyeni mpaka atazipempha. Kalata ya ku dipatimenti yokha ndiyo yoyenera kuithamangira, chifukwa imatsimikiza kuti ndinudi wophunzira ndiponso kuti sukulu ikudziwa za pempholi. Aphunzitsi amene mukufuna kuwatchula ngati mboni muwapemphe kaye. Mphunzitsi wodzidzimutsidwa ndi foni sanena zambiri zokuthandizani.

Musanatumize, dzitumizireni nokha kalatayo, muitsegule pa foni. Pamenepo mudzaona ngati fayilo yaphatikizidwadi, ngati ikutseguka, ndiponso ngati simunasiye dzina la kampani ina imene munailembera dzulo, cholakwa chimene chimagwetsa ambiri okopera kalata yakale. Ikapita yolakwika, Gmail ili ndi `Undo` yoibweza, koma kwa masekondi ochepa okha, osapitirira 30. Amene amalemba usiku bandulo ikatsika mtengo angagwiritse ntchito `Schedule send` kuti kalata ifike m'mawa wa tsiku la ntchito.

Kenako pamabwera chete. Makampani ambiri sayankha aliyense, ndipo chetecho sichitanthauza kuti kalata inali yoipa. Pakatha masiku khumi a ntchito, lembaninso mizere iwiri kapena itatu pansi pa kalata yoyamba ija, kukumbutsa za pempho lanu ndi tsiku limene mungayambe. Kamodzi n'kokwanira. Ngati makalata khumi apita popanda ngakhale foni imodzi, musawonjezere ena makumi atatu ofanana nawo. Bwererani ku ndime yapakati muone ngati muli chinthu choti munthu angachiwerenge kapena kuchitsimikiza, ndipo mupatse mphunzitsi kapena mnzanu amene anamaliza kale kuti aiwerenge.

Yankho likabwera, lionetsetseni. Alipo akuba amene amadyera ophunzira osaka malo, ndipo amadziwika ndi zinthu ziwiri: amalemba ndi adiresi wamba m'malo mwa ya kampani, ndipo amafuna ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya "kusungira malo" kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Musatumize ngakhale tambala. Imbani pa nambala ya kampani imene mwaipeza nokha, mufunse ngati munthuyo amagwiradi ntchito kumeneko. Ngati malowo ndi enieni, pemphani kuti akulembereni tsiku loyamba ndi lomaliza, dzina la amene adzakuyang'anireni, ndiponso ngati pali kangachepe ka mayendedwe, kuti mudziwiretu za minibasi ndi nkhomaliro musanavomere.