Lembani malire a luzi msika usanatsegulidwe

Pa malonda a foreksi, maganizo a munthu amasintha ndalama ikangolowa pamsika. Mtengo ukayamba kutsika, mtima umanong'oneza kuti dikira pang'ono, ubwereranso. N'chifukwa chake malamulo a tsikulo amalembedwa m'mawa, mutu uli wozizira, ndipo ayenera kukhala a manambala.

Tiyerekeze kuti muli ndi madola 500 ndipo mumachita malonda a EUR/USD pamene msika wa ku London ukutsegulidwa, 9 kapena 10 koloko m'mawa nthawi ya kuno, malinga ndi nyengo ya ku Ulaya. Kulemba kuti “ndigula mtengo ukaoneka kuti ukukwera” si lamulo ayi. Lamulo lenileni limati: usiku mtengo unalekezera pa 1.0850, choncho ndigula pokhapokha kandulo ya mphindi 15 ikatsekera pamwamba pa malirewo. Ikapanda kutero, lero kulibe malonda, basi.

Tinene kuti mwagula pa 1.0855. Makomo otulukira ndi awiri, ndipo onse muwaike pomwepo musanachotse chala pafoni: Stop Loss pa 1.0835 ndi Take Profit pa 1.0895. Ndiye kuti mwalola kuluza mapipu 20 pofuna 40; pipu ndi kusuntha kwa 0.0001 pa mtengowo. Mukasankha kusataya ndalama yoposa 1 peresenti pa malonda amodzi, malire anu ndi madola 5. Pa EUR/USD, loti ya 0.01 imapereka kapena kudya masenti 10 pa pipu iliyonse, kotero 0.02 ikuluzitsani madola 4, kapena kukupatsani 8. Loti ya 0.03 ingadye madola 6, yapyola kale.

Lamulo lovuta kusunga ndi la luzi ya tsiku lonse. Lembani 3 peresenti, omwe ndi madola 15. Mukagwa katatu mwataya 12, ndipo kugwa kwachinayi kungakufikitseni pa 16. Apa ndiye pothera, tsekani foni. Ambiri amaonongekera pomwepa: ukali wadzadza, amakweza loti kufika 0.10 kuti abweze zonse kamodzi, ndipo mapipu 20 omwe aja tsopano akudya madola 20. Ena amakankhira Stop Loss pansi mtengo ukamayandikira, chomwe kwa ine n'chimodzimodzi kusaiikapo n'komwe. Mukadzipeza mukugula popanda kandulo ija kutseka, dziwani kuti pepala lija mwalitaya kale.

Pepala nalo lili ndi polekezera. Lipoti la ntchito la ku Amereka, lomwe kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, limatha kudumphitsa mtengo mpaka Stop Loss yanu kutsekera patali kuposa pomwe munaika. Onani kalendala ya nkhani zachuma m'mawa, ndipo lembaninso ola limene simudzakhudza msika.