Mwini Golosale Akamwalira: Kusunga Mpamba Mpaka Chuma Chigawidwe

Mwini golosale akamwalira, shopu imatsekedwa masiku a maliro. Koma singakhale chitsekere kwa nthawi yaitali. Buledi ndi mkaka zimawonongeka, mwini nyumba amafuna lendi yake, makasitomala amazolowera kugula patsidya la msewu, ndipo ana amasiye amayenera kudya. Choncho mwambo wakusesa ukangotha, wina amatenga makiyi n'kutsegula. Vuto n'lakuti kugawa chuma cha masiye motsata lamulo kumatenga miyezi, mwinanso kupitirira chaka. Ndi m'nyengo yodikirayi momwe mashopu ambiri amafera, ndipo chimawapha kawirikawiri si wakuba wobwera usiku ayi. Ndi abale okondana amene akudya mpamba pang'onopang'ono akuganiza kuti akudya phindu.

Choyamba kumvetsa n'chakuti makiyi sapereka umwini. Magolosale ambiri m'Malawi muno ndi a munthu mmodzi, si kampani, choncho pamaso pa lamulo bizinesi ndi mwini wake n'chinthu chimodzi. Iye akamwalira, katundu wa m'mashelefu, firiji, sikelo, ndalama za ku banki ndi ngongole zonse zimalowa m'chuma cha masiye. Lamulo loona za chumachi, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2011 kulowa m'malo mwa lakale la 1967, limati ngati womwalirayo sadasiye wilo, oyenera kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, kuphatikizapo obadwira kunja kwa banja, ndi ena amene ankadalira iye. Mwinimbumba kapena mchimwene wa malemu ali ndi mawu pa mwambo, koma alibe mphamvu yotenga shopu chifukwa cha ubale wokha. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womwe munthu angapite nawo kundende.

Amene ali ndi mphamvu yoyendetsa chumachi ndi munthu amene adatchulidwa mu wilo, kapena amene khoti lamupatsa kalata yoyendetsera chuma cha masiye. Pofuna kalatayi pamafunika chiphaso cha imfa chochokera ku NRB, mndandanda wa chuma ndi ngongole, komanso mayina a oyenera kupindula. Mabanja ambiri amayambira ku ofesi ya DC, ena ku ofesi ya Administrator General, ena kwa loya. Musadikire chiliza kuti muyambe zimenezi. Banki ikangomva za imfa imatseka akaunti, ndipo ndalama zoodera katundu zimakhala zomangika kufikira kalatayo itatuluka. Ngati pali mkangano wochedwetsa zinthu, funsani loya za chilolezo chakanthawi cha khoti chongotetezera chuma.

Nanga podikira kalatayo shopu iyende bwanji? Amene watsegula adziwe kuti akusungira ena, ndipo tsiku lina adzafunsidwa tambala iliyonse. Chitetezo chake chili pa ntchito imodzi yoyenera kuchitika kasitomala woyamba asanalowe: kuwerenga katundu yense.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa golosale pa malo ena ochitira malonda wamwalira, wasiya mkazi ndi ana anayi, ndipo mwana wamkulu wamkazi ndiye ankathandiza kugulitsa. Tsiku lowerenga pakhale mayi wamasiyeyo, mwanayo, munthu mmodzi wa kuchimuna, mmodzi wa kuchikazi, ndi mboni yopanda mbali monga nthumwi ya mfumu kapena mkulu wa mpingo. Awerenge shelefu ndi shelefu: mabelo a shuga, zigubu za mafuta ophikira, makatoni a sopo, matumba a mchere ndi mpunga. Chilichonse chilembedwe pa mtengo woodera, osati wogulitsira, chifukwa phindu lake silinapezeke. Makireti a zakumwa amene ali a kampani, kapena firiji yobwereka, zilembedwe padera popeza si za malemu.

Tinene kuti apeza katundu wa K4,200,000, ndalama m'dirowa ndi pa foni K300,000, ndipo buku la ngongole likuonetsa kuti anthu akusunga K450,000. Zonsezi zikukwana K4,950,000. Koma malemu adatenga katundu wa K900,000 pa ngongole ku holoselo, ndipo lendi ya mwezi umodzi, K100,000, sinalipidwe. Mukachotsa K1,000,000 ya ngongolezi, chuma chenicheni cha shopu ndi K3,950,000. Nambala imeneyi ilembedwe, onse asaine, ndipo mbali iliyonse itenge pepala lake. Ndiyo idzaweruze pa tsiku logawa ngati shopu yakula kapena yadyedwa. Popanda nambalayi, wogulitsa woona mtima sangathe kudziteteza akamanenedwa kuti waba, ndipo wakuba weniweni sangagwidwe.

Tsopano tione momwe mpamba umathera. Shopuyi imagulitsa katundu wa K3,000,000 pa mwezi. Munthu woona ndalama zikulowa tsiku ndi tsiku amaganiza kuti banja ndi lolemera. Koma pa K100 iliyonse yolowa, K85 ndi yobwezera katundu pa shelefu. Yotsala ndi K15 yokha. Pa mwezi imeneyi ndi K450,000. Chotsanipo lendi K100,000, malipiro a wogulitsa K130,000, magetsi K30,000 ndi zoyendera kokaoda K40,000. Phindu lenileni ndi K150,000 basi.

Ngati pakhomo akutenga K200,000 pa mwezi ya chakudya ndi fizi, ndipo achibale odzazonda akunyamula shuga, sopo ndi mafuta za K100,000 ponena kuti “n'za m'bale wathu”, zotuluka ndi K300,000 pomwe phindu ndi theka lake. Mwezi uliwonse mpamba ukuchepa ndi K150,000. Pakatha chaka, K1,800,000 yapita, pafupifupi theka la chuma chonse chija, osawerengera kuti shopu yochepa katundu imagulitsanso zochepa. Palibe amene wathyola chitseko, koma pa tsiku logawa aliyense adzaloza chala mwana wogulitsa uja.

Zizindikiro zake zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Mabelo a shuga amene mumaoda khumi ayamba kukhala asanu ndi limodzi. Katundu akuyalidwa mzere umodzi kutsogolo kwa shelefu pofuna kubisa kuti kumbuyo kulibe kanthu. Mawu oti “zatha, mubwere mawa” akuchuluka. Buku la ngongole likunenepa ndi mayina a achibale. Chenjeraninso ndi kukwera kwa mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri adagulitsa katundu pa mtengo wakale n'kulephera kudzazanso mashelefu. Ndalama m'dirowa zikhoza kuoneka zochuluka pomwe katundu amene zingagule wachepa. N'chifukwa chake powerenganso pakutha kwa mwezi, yerekezani kuchuluka kwa mabelo ndi makatoni, osati makwacha okha, ndipo mtengo wogulitsira uzitsata mtengo woodera walero.

Mankhwala a vutoli ndi mgwirizano wolembedwa wa tsamba limodzi, wosainidwa tsiku lomwelo lowerenga katundu. Utchule munthu mmodzi woyendetsa shopu, pakuti makiyi akakhala atatu palibe amene angayankhe pa zosowa. Utchule malipiro ake, chifukwa mwana wogwira ntchito m'mawa mpaka usiku popanda malipiro amadzilipira yekha mwakachetechete, kapena amayamba kumva kuti shopu yonse ndi yake. Malipirowo ndi a thukuta lake, sachotsedwa pa gawo lake la masiye. Utchulenso ndalama ya pakhomo pa mwezi, yosapitirira phindu. Mu chitsanzo chathu K120,000 ingasiye K30,000 yothandiza mitengo ikakwera. Pomaliza, unene kuti aliyense wotenga katundu, ngakhale mayi wamasiye, alembe n'kusaina. Ngati fizi ya sekondale ikufuna ndalama yoposa phindu, banja likhoza kugwirizana kuitenga, koma ilembedwe poyera kuti yachoka mu mpamba, woyendetsa chuma adzaione.

Pa ndalama, musagwiritse ntchito khadi la banki kapena nambala yachinsinsi ya foni ya malemu. Ngakhale cholinga chili chabwino, kutapa ndalama m'dzina la munthu wakufa kumabweretsa mafunso ovuta kuyankha. Musaikenso ndalama za shopu mu akaunti yanu ya tsiku ndi tsiku, momwe zingasakanikirane ndi zanu. Ndi bwino kukhala ndi akaunti yapadera yosainira anthu awiri, ndipo kalata ya khoti ikatuluka zonse zipite m'manja mwa woyendetsa chuma. Malisiti onse oodera asungidwe mu envulopu ya mwezi wake.

Anthu akunja nawonso akufunika kuwaona msanga. A ku holoselo adapereka ngongole chifukwa chokhulupirira malemu, ndipo akamva za imfa kuchokera kwa ena amaleka kukongoza. Pitani nokha, vomerezani ngongole ya K900,000 ija polemba, ndipo gwirizanani kuti katundu watsopano muzilipira pompopompo pomwe yakaleyo ikudikira woyendetsa chuma. Dziwani kuti ngongole yatsopano imene mungatenge musanalandire kalata ya khoti ikhoza kugwera pa mutu panu. Mwini nyumba muuzeni kuti shopu ikupitirira, ndipo lendi isadumphe, chifukwa malo abwino amakhala ndi anthu owasirira. Layisensi ya khonsolo ndi nambala ya msonkho ya ku MRA zili m'dzina la malemu. Adziwitseni za imfayo ndi kufunsa zoyenera kuchita, m'malo modikira kuti adzakupezeni. Okongola ku shopu muwatsate sabata zoyambirira, muwasainitse pa zimene akuvomera, popeza ngongole ya munthu wakufa imaiwalika msanga.

Pali zinthu zomwe wosunga shopu sayenera kuchita konse m'nyengoyi: kugulitsa firiji, galimoto kapena nyumba ya shopu, kutenga ngongole ya katapira pochita chikole katundu wa malemu, kusintha dzina la bizinesi kukhala lake, kapena kugawiratu ena gawo lawo. Ngongole za malemu ndi msonkho zimalipidwa kaye, ndipo zotsala ndizo zimagawidwa.

Tsiku logawa likafika, golosale sigawika ngati matumba a chimanga. Mukagawana mashelefu, aliyense atenga katundu wochepa amene adzatha m'mwezi umodzi, ndipo makasitomala ndi malo, zomwe ndizo mtengo weniweni wa bizinesi, zitayika. Njira zothandiza zilipo zitatu: mmodzi atenge shopu n'kumalipira anzake magawo awo pang'onopang'ono, onse akhale eni ake polembetsa bizinesi mwatsopano, kapena igulitsidwe yathunthu ikuyenda. Pamene pali ana aang'ono, gawo lawo lisungidwe m'dzina lawo. Njira iliyonse mwa izi imafuna kudziwa mtengo wa shopu, ndipo mtengowo umachokera m'pepala la tsiku loyamba ndi m'mabuku a mwezi ndi mwezi. Banja lomwe lasunga zolembazi limakambirana za manambala. Lomwe silinasunge limatsala ndi kuganizirana zoipa, ndipo nthawi zambiri limataya shopu ndi chibale chomwe.