Kanema wopita kumudzi: maso aone, mawu afotokoze

Msuweni wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku England. Chaka chake choyamba kumeneko, Khirisimasi itayandikira, analumikiza tizidutswa ta kanema timene anajambula pa foni, n'kuikamo nyimbo, n'kutumiza kumudzi ku Dedza. Munali basi yosanja, misewu yowala ndi magetsi, sitolo yodzaza ndi zakudya, ndi iye mwini atavala chijasi chachikulu.

Kanemayo anali wokongola, koma uthenga umene unafika sunali umene iye anatumiza. Amalume ataona sitolo ija anati mwana walemera. Amayi ake ataona mdima ndi chijasi chija anada nkhawa kuti mwana wawo akuyenda usiku m'dziko la eni. Agogo, amene maso awo anayamba kuchita nkhungu, anangomva nyimbo yokha, ndipo anafunsa kuti, "Nanga mwiniwakeyo bwanji sakuyankhula?"

Chithunzi chopanda mawu aliyense amachimasulira ndi zimene zili mumtima mwake. N'chifukwa chake kanema wotere amafunika mawu ofotokozera, okonzedwa papepala asanajambulidwe. Ntchito ya mawuwo si kubwereza zimene maso akuona kale, koma kunena zimene kamera singathe kunena. Chaka chotsatira tinathandizana kulemba mawu a kanema wachiwiri, ndipo njira imene tinatsata ndi iyi.

Zithunzi poyamba, mawu pambuyo

Ambiri amayamba ndi kulemba kalata yaitali, kenako n'kumasaka zithunzi zoti zigwirizane nayo. Mapeto ake mawu amakhala akunena za kutchalitchi pamene pa foni pakuoneka basi. Ife tinayambira kwina. Pa tizidutswa topitirira 40 timene tinali mufoni mwake tinasankhapo 8, n'kutindandalika motsatira tsiku limodzi, kuyambira podzuka mpaka madzulo. Tsiku ndi chingwe chimene munthu wakumudzi aliyense angatsatire, chifukwa nayenso amadzuka, kugwira ntchito, kudya ndi kupemphera.

Kenako tinalemba papepala dzina la kachidutswa kalikonse ndi kutalika kwake. Moni masekondi 25, pawindo m'mawa 15, podikira basi 20, pakhomo la kuntchito 15, m'sitolo 20, pophika nsima 25, kutchalitchi 15, kutsanzikana 25. Zonse pamodzi zinakwana masekondi 160, kapena kuti mphindi 2 ndi masekondi 40. Sitinafune kupitirira mphindi 3, poganizira bandulo ya wolandirayo ndi netiweki ya kumudzi, imene imatha kuimitsa kanema wamtali pakatikati.

Kuyeza mawu ngati ufa

Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "ndinakakusiyirani" lanyamula chiganizo chathunthu, choncho mulingo wa chilankhulo china sungakuthandizeni. Dziyezeni nokha: tengani ndime iliyonse ya Chichewa, tcherani wotchi ya pa foni, muwerenge mokweza kwa mphindi imodzi modekha ngati mukuyankhula ndi agogo, kenako muwerengetse mawuwo. Msuweni wanga anapeza 95.

Pa liwiro limenelo, masekondi 160 angalowe mawu pafupifupi 250. Koma tinachotsapo gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kutsala ndi mawu ngati 190. Malo otsalawo ndi opumira, oti oonera aseke, alozerane, ndi kumva phokoso lenileni la kumaloko. Ndiye kuti kachidutswa ka masekondi 15 kamalandira mawu ngati 18 basi, ka masekondi 20 mawu ngati 24. Mukaona kuti mukuthamanga kapena kupuma mobanika kuti mumalize chiganizo chithunzi chisanasinthe, mawu achuluka. Musawonjezere liwiro, chotsani mawu.

Moni ndiye khomo

Gawo limene tinakhalirapo nthawi yaitali ndi moni. Apa nkhope iyenera kuoneka, munthu akuyang'ana kamera, chifukwa chimene kholo limafuna choyamba ndi kuona ngati mwana ali bwino m'thupi. Moni amatsata ukulu monga zimakhalira pakhonde: agogo, makolo, amalume ndi azakhali, kenako abale ndi alongo, pomalizira ana.

Choopsa chake ndi kuiwala munthu. Mukatchula amalume awiri n'kusiya wachitatu, kanema yense sadzakumbukiridwa ndi china koma dzina losiyidwalo. Njira ndi ziwiri. Mutha kulemba mndandanda wonse n'kuutumiza kaye kwa m'bale mmodzi wakumudzi kuti auone, kapena kutchula akuluakulu okhaokha n'kuwaphatikiza enawo m'magulu. Ife tinasankha yachiwiri: "Agogo, amayi, amalume onse ndi azakhali, achimwene ndi achemwali, ndi ana nonse a pakhomopo, muli bwanji? Ine kuno ndili bwino, ndadzuka ndi mphamvu." Ngati pakhomo panagwa zovuta inu muli kutali, chipepeso chimabwera pomwepa, zosangalatsa zisanayambe.

Kachidutswa kalikonse kakhale ndi mwini wake

Chimene chinasintha kwambiri mawu athu ndi funso limodzi limene tinkafunsa pa chithunzi chilichonse: kodi ndani kumudzi amene angadabwe kapena kuda nkhawa akaona ichi? Tikamupeza, tinkalemba mawuwo ngati tikuyankhula ndi iyeyo.

Pawindo pankaoneka mdima ndi magetsi a mumsewu. Poyamba msuweni wanga analemba kuti, "Apa ndi pawindo la chipinda changa." Aliyense akuona kale kuti ndi pawindo. Chimene sakuona ndi nthawi. Mu Disembala ku Leeds dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa ndipo limalowa 4 koloko isanakwane, komanso nyengo imeneyo wotchi ya kumeneko imatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi. Choncho tinalemba kuti, "Amayi, apa ndi 7 koloko m'mawa. Kumudziko dzuwa lakwera kale, koma kuno Disembala kumacha mochedwa. Si usiku ayi." Mawu 18 okha, ndipo nkhawa ya chaka chathunthu inathera pomwepo.

Kuntchito tinaonetsa khomo lakunja lokha, posaonetsa chikwangwani cha dzina la malowo. Okalamba amene amawasamalira sayenera kujambulidwa popanda chilolezo, ndipo munthu atha kuchotsedwa ntchito chifukwa cha kanema wotere. Mawu ndi amene analowa m'malo mwa chithunzi: "Ntchito ndimagwira muno. Ndimasambitsa ndi kudyetsa agogo a eni ake, monga tinkachitira ndi malemu agogo aamuna. Mkati saloleza kujambula." Taonani kuti chinthu chachilendo chafotokozedwa ndi chinthu chimene banja likuchidziwa kale. Umu ndi mmene zakunja zimamvekera kumudzi. Kuzizira musakunene ndi manambala okha, nenani kuti kumaposa kwa ku Dedza mu Juni.

M'sitolo ndi mmene munali nkhani yovuta. Mashelefu odzaza amaonetsa ngati munthu akusambira m'ndalama, pamene kumudzi Disembala ndi nthawi yofuna feteleza, ndipo miyezi ya njala ili pafupi. Kudandaula kwambiri kumawawitsa mtima makolo, kudzionetsera kumabala zopempha zimene simungakwanitse. Tinafuna choonadi chonenedwa mwaulemu: "Amalume, ufa ndimagula muno. Ulipo, koma ndi wodula. Malipiro akabwera, lendi imayamba kutenga gawo lalikulu, kenako magetsi ndi basi. Zotsalazo ndiye timagawana nanu." Sitinatchule kuchuluka kwa mapaundi, chifukwa womva amangosintha nambalayo kukhala makwacha osadziwa mitengo ya kumeneko.

Pophika nsima tinalemba mawu ochepa dala, ngakhale malo analipo: "Agogo, mukuumva mthikowo? Nsima sindinaiwale kuphika. Ndiwo ndi nyemba, koma sizikoma ngati za mumphika wanu wadothi." Masekondi otsalawo tinasiyira mthiko ukugunda poto. Kwa munthu amene saona bwino, phokoso limenelo ndilo chithunzi.

Zosayenera kulowa m'kanema

Kanema akafika pa WhatsApp sakhalanso wanu. Achemwali amatumizira anzawo, anzawo amaika pa gulu la kumpingo, mawa ali kwa anthu amene simunawaganizirepo. Choncho ndalama zimene munatumiza ndi amene anazilandira, mkangano wa munda, matenda a munthu, nkhani ya mapepala anu okhalira m'dzikomo, nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, zonsezi ndi za pa foni pakati pa anthu awiri. Ana a anzanu ndi anthu a kutchalitchi muwapemphe kaye musanaonetse nkhope zawo. Muyezo wake ndi wapafupi: chimene simunganene pabwalo pali anthu, musachilembe.

Kuchotsa fungo la pepala

Mawu olembedwa amakonda kuuma. Mukamva pakamwa panu pakutuluka Chichewa cha pa wailesi kapena cha m'kalata ya ku ofesi, dziwani kuti mwasiya kuyankhula ndi amayi anu. Werengani mokweza katatu, ndipo paliponse pamene lilime lapunthwa musinthe. Mawu achingerezi amene munazolowera kuntchito muwachotse ngati agogo sangawamve. Ziganizo zikhale zazifupi, chimodzi mpweya umodzi.

Pojambula mawu, khalani m'chipinda cha makatani ndi zofunda, chifukwa khitchini ndi bafa zimabweza mawu. Foni ikhale patali ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho. Mapulogalamu a pa foni monga CapCut amalola kujambula mawu uku mukuona kanemayo, ndipo ndi bwino kujambula kachidutswa kamodzikamodzi kuti mukalakwitsa musabwereze zonse. Ngati mwaika nyimbo, itsike kwambiri pamene mukuyankhula.

Mayeso omaliza ndi awa: chotsani zomvera za m'makutu, ikani foni patebulo, mubwerere m'mbuyo mapazi atatu, mutseke maso. Kumudzi anthu asanu ndi atatu adzaunjikana pa foni imodzi pakhonde, nkhuku zikulira, ana akuchita phokoso. Ngati mutatseka maso mukumva liwu lililonse ndipo nkhani ikutsatika, mawu anu akwana.

Potsanzikana nkhope ibwererenso, ndipo musiye funso loti ayankhe, kuti kanema akhale chiyambi cha macheza. Msuweni wanga anafunsa ngati chimanga chamera bwino kumunda wa kutsidya. Patapita masiku awiri mayankho anabwera m'mawu ojambulidwa. Amayi anafotokoza za mvula ndi za kupalira. Amalume anati sankadziwa kuti lendi imadya chotero. Agogo anauza ana kuti abwereze katatu gawo la nsima lija, kenako anatenga foni n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndakumva. Koma mthikowo ukuumenya mofulumira, nsima imafuna kudekha."