Dzina la namondwe limachokera kuti? Nkhani ya Freddy, Idai ndi Njazi

Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre, munthu akangoti "Freddy" sipafunikanso kufotokoza. Aliyense amakumbukira Malichi wa 2023, pamene matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri n'kukwirira nyumba pamodzi ndi eni ake. M'Malawi monse, anthu oposa 1,200 anamwalira kapena kusowa. Koma dzinalo silinachokere kuno, ngakhalenso ku Mozambique kapena ku Madagascar komwe namondweyu anayambira kusakaza. Linaperekedwa ku Australia.

Amene amatsatira zanyengo anaona kuti pali china chachilendo. Nyengo imeneyo mayina a anamondwe a chigawo chathu ankayenda motsatira alifabeti: Ashley, Balita, Cheneso, Dingani. Woyembekezeka kutsatira anali Enala. Nanga Freddy anadumpha bwanji mzere?

Yankho lagona pa mmene nyanja zinagawidwira. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linagawa nyanja zobala anamondwe m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mndandanda wakewake wa mayina, okonzedweratu mphepo isanayambe n'komwe. Pa nyanja ya India, malire ndi mzere wa madigiri 90 kum'mawa pa mapu. Freddy anabadwira kum'mawa kwa mzerewo, pakati pa Indonesia ndi Australia, ndipo nthambi yazanyengo ya Australia inamutcha dzina pa 6 Febuluwale 2023. Pamndandanda wawo ankatsatira Ellie, ndipo pambuyo pake panabwera Gabrielle, amene anawononga ku New Zealand mwezi womwewo.

Atadutsa malirewo, Freddy anasunga dzina lake. Anaoloka nyanja yonse, n'kugwera pafupi ndi Mananjary ku Madagascar pa 21 Febuluwale ndi pafupi ndi Vilankulo ku Mozambique pa 24 Febuluwale. Kenako anabwerera m'nyanja, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Mu 2024 WMO inatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Kale zikanayenda mwina. Namondwe amene anawonjezera chigumula cha ku Mozambique mu Febuluwale 2000 anayamba ali Leon, koma atadutsa mzere womwewu anatchedwa Eline. Mayina awiri pa mphepo imodzi ankasokoneza, choncho mwambowo unasiyidwa.

Nanga akabadwira mbali yathu? Akatswiri a ku chilumba cha Réunion ndi amene amalondola anamondwe onse a kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya India. Si mphepo iliyonse imene imalandira dzina: liwiro lake liyenera kufika pafupifupi makilomita 63 pa ola, poyeza kwa mphindi 10. Ikafika pamenepo ili pakati pa madigiri 55 ndi 90, dzina limalengezedwa ndi a ku Mauritius. Ikakhala kumadzulo kwa madigiri 55, kuphatikizapo nyanja ya pakati pa Madagascar ndi Mozambique, ntchitoyo ndi ya a ku Madagascar. Iwo sapeka dzina. Amangotenga lotsatira pamndandanda.

Mayinawo amaperekedwa ndi mayiko a m'komiti ya chigawochi, ndipo Malawi ali momwemo pamodzi ndi Mozambique, Zimbabwe, Tanzania, Botswana ndi ena. N'chifukwa chake ambiri amamveka achinansi. Idai ndi Chido anachokera ku Zimbabwe. Chofunika n'chakuti dzina likhale lalifupi, losavuta kutchula pa wailesi, komanso losanyoza mtundu wa anthu. Mu Febuluwale 2023 Freddy ndi Dingani anali panyanja nthawi imodzi, ndipo woyendetsa sitima womvera chenjezo anafunika kudziwa msanga kuti akunena uti.

Kuyambira nyengo ya 2016 mpaka 2017, chigawochi chili ndi mindandanda itatu yosinthana, uliwonse kuyambira A mpaka Z. Lamulo lake ndi losavuta: dzina likagwira ntchito kamodzi limachotsedwa, kaya namondweyo anapha anthu kapena anangothera panyanja. Chilembo cha I chikuonetsa bwino zimenezi. Idai anagwera pa Beira mu Malichi 2019. Mndandanda womwewo utabwerera patapita zaka zitatu, pamalo pake panali Issa, ndipo mu 2025 panali Ivone. Ndi mndandanda womwewu umene unatulutsa Ana ndi Gombe mu 2022, komanso Chido ndi Jude pambuyo pake.

Mayina a kumunsi amadikira. Pa chilembo cha N pali Njazi, dzina lochokera ku Malawi. Mu 2019 anamondwe anathera pa Lorna, mu 2022 pa Karim, mu 2025 pa Kanto, ndipo Njazi sanafikiridwe.

Ku nyanja ya Atlantic, komwe anamondwe amawomba zilumba za Caribbean ndi United States, nkhani ya kuchotsa dzina ndi ina. Kumeneko kuli mindandanda isanu ndi umodzi, uliwonse wa mayina 21, popeza zilembo Q, U, X, Y ndi Z amazidumpha. Kuyambira 1953 ankatchula mayina a akazi okhaokha, ndipo a amuna analowa mu 1979. Dzina limabwereranso pakatha zaka zisanu ndi chimodzi, pokhapokha namondwe wake atapha anthu ambiri kapena kuwononga kwambiri. Zikatero dziko lokhudzidwa limapempha pamsonkhano wapachaka wa komiti ya WMO, mamembala amagwirizana, n'kusankha dzina latsopano loyamba ndi chilembo chomwecho.

Katrina, amene anamiza mzinda wa New Orleans mu Ogasiti 2005, anachotsedwa motero, ndipo mu 2011 pamalo pake panabwera Katia. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi ulemu kwa ofedwa, kuti asadzamvenso wailesi ikulengeza kuti Katrina akubwera. Chachiwiri n'chokhudza zolembedwa: m'mabuku a boma, a inshuwalansi ndi a ofufuza, dzinalo liziloza tsoka limodzi lokha. Nthawi zina dzina limagwa popanda mlandu wa mphepo. Mu 2015 dzina la Isis linachotsedwa pamndandanda wa kum'mawa kwa Pacific chifukwa linkafanana ndi la gulu la zigawenga, ndipo m'malo mwake munalowa Ivette.

Dongosololi linagwedezekapo mayina atatha. Mu 2005 ndi mu 2020 anamondwe a ku Atlantic anaposa 21, ndipo akatswiri anabwereka zilembo za Chigiriki. Mu Novembala 2020 Eta ndi Iota anasakaza Nicaragua ndi Honduras motsatizana, pasanathe milungu iwiri. Mayinawa ankamveka mofanana ndi Zeta ndi Theta, komanso kuchotsa chilembo cha alifabeti kunalibe njira yomveka. Mu 2021 komiti inasiyiratu zilembozo n'kukonza mndandanda wapadera wa mayina owonjezera.

Australia nayo imachotsa mayina a anamondwe oopsa okha, ngakhale mndandanda wake ndi umodzi wautali umene umapitirira chaka ndi chaka osayambiranso pa A. N'chifukwa chake Freddy wa 2023 sanali woyamba: mu Febuluwale 2009 kunali Freddy wina amene anathera panyanja, dzina lake n'kubwerera pamzere. Wachiwiriyu atapha anthu ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi, dzinalo linafufutidwa pamndandanda wa Australia, ndipo silidzaperekedwanso kwa namondwe wina wa kumeneko.